Madzi a Tsiku la Mlendo

Dimba la mayi wina wamasiye linali lomalizira kumunsi kwa kamtsinje, ndipo anyezi ake anali atayamba kupsa nsonga. Kumtunda, alamu ake anali atakumba dziwe la nsomba n'kupatutsira madzi kumeneko. Mayiyo anapondaponda ku ofesi ya zamadzi mpaka nsapato kutha, ndiye tsiku lina a ku ofesiko anamutumizira woyeza madzi.

Woyezayo anali munthu waulemu, ndipo ulemu wakewo ndi umene unaononga zinthu. Dzulo lake anaimbira foni wapampando wa alimi kuti asadzidzimuke ndi mlendo. Wapampandoyo anali alamu omwewo.

M'mawa kamtsinje kanali kakulira ngati mvula yagwa usiku. Mayiyo atangomva phokosolo, mtima unamuwawa, pakuti anadziwa kuti ngalande ya kudziwe yatsekedwa.

Woyezayo anatchinga madzi ndi thabwa lokhala ndi mpata wosongoka pansi ngati V. Anapempha kuti wina amate dothi m'mbali ndi pansi, madzi onse azidutsa pampatapo n'kugwa momasuka. Amene anamata anali mayiyo, atagwada m'matope, alamu ake ataima pamthunzi manja kumbuyo. Kenako woyezayo anakhoma chikhomo chakumtunda pang'ono, n'kufotokoza kuti pathabwa penipeni madzi amatsetsereka, rula inganame. Pachikhomopo anakhomapo msomali wolingana ndi pansi pa mpata uja. Anadikira kuti madzi asiye kukwera, anaimika rula pamsomali, n'kuwerenga masentimita khumi ndi awiri.

Anati madziwo ndi okwanira dziwe ndi madimba onse.

Mayiyo anamuuza kuti madzi a lerowa ndi ochingamira alendo basi, masiku onse safika ngakhale theka la pamenepo.

"Theka la rula si theka la madzi, mayi," anatero woyezayo mofatsa. "Mpatawu ndi wopapatiza pansi. Mukawagawa pasanu madzi awa, gawo limodzi silingakwane n'komwe. Bwenzi anyezi anu akufa."

"Akufa kumene, bambo. Tiyeni mukawaone."

Woyezayo anayang'ana wotchi. Sanamutsutse, koma anati iye amapereka zimene rula yaonetsa, osati zimene wauzidwa. Alamu aja anagwedeza mutu mwachisoni, amvekere mlamu wawoyu chimwalirire mng'ono wawo sachedwa kudandaula, amukhululukire.

Mayiyo anapempha kuti thabwalo litsale, aziyeza yekha tsiku lililonse. Woyezayo anapepesa kuti ofesi yonse ili ndi thabwa limodzi lomwelo. Analizula, n'kulitsuka bwinobwino, ndipo alamu aja anamunyamulira mpaka kugalimoto.

Fumbi la galimotoyo lisanathe, phokoso la madzi linayamba kuchepa. Mayiyo anakhala pansi, matope akumuumira m'manja. Pofika masana, kamtsinje kanali katabwerera mwakale, kakuyenda ngati madzi otsukira mbale. Chikhomo chija woyezayo anachiiwala, ndipo chinangoima pouma ndi msomali wake. Mayiyo anachizula n'kupita nacho kudimba, kukakumbira anyezi amene anali asanakhwime.