Dzina Lake ndi Adzatopa

Galu wa malemu amuna anga, a Kenson, anasowa Lachiwiri, mwini nyumba atasiya geti pululu. Kodi amuna anga anandisiyira chiyani? Jekete ndi galuyo basi.

Ndinapita kwa Mwaiwathu, mwana wa mchemwali wanga, wa ku koleji, kuti andilembere pepala lomata m'mapolo. Anayala bwino ndithu. Chithunzi chachikulu, zilembo zoti wa mu taxi awerenge, Chingerezi pamwamba, Chizulu m'munsi: galu wamwamuna, wofiirira, khutu lakumanzere long'ambika, amatsimphina. Anaoneka komaliza Lachiwiri m'mawa pa Sparks Road, ku Sydenham. Kenako nambala yanga. Za banga loyera la pamimba anasiya dala, akuti tidzagwirire akathyali.

Koma dzina analemba Rex.

"Rex ndi galu wa yani?" ndinafunsa.

"Amayi aang'ono, mukalemba Adzatopa ndiye mwalengeza kuti ndife a ku Malawi. Nambala yanu pomwepo. Eish, mukufuna atiotchere nyumba?"

"Iwe, galu uja mlendo amamuthawa. Amaima akamva dzina lake basi. Munthu akakuwa Rex, adzatembenuka ndi agogo ako?"

"Si bwino."

"Fufuta!"

Dzinalo a Kenson anam'patsa poyankha aneba otitukwana, kuti adzatopa okha. Zaka naini ndakhala ndikulinong'ona pamsewu ngati ndaba. Ndatopa ndine. Ndinamulembetsa m'zilembo zazikulu, ndi katchulidwe kake: A-DZA-TO-PA.

Mapepala sate ndinawaveka pulasitiki kuopa mvula, n'kumata ndekha mpaka ku Overport. Ku SPCA, kosungira ziweto zosochera, ndinasiyakonso limodzi. Wina anaimba n'kunditukwana kuti ndizipita kwathu. Wina anati galu ali naye. Nditafunsa za pamimba, anadula.

Loweruka masana kunaimba bambo wina, Chizulu chokhachokha, kuti kuseri kwa mashopu a ku Overport kuli galu pansi pa kontena, sakutuluka.

"Pamimba pali chiyani?"

"Sindikuona, mama, wagonera."

"Muitaneni dzina. Mokweza!"

Ndimamva phokoso la anthu ambiri. Kenako mawu ake anatuluka osapunthwa ngakhale pang'ono: "Adzatopa! Bwera kuno, iwe!"

Ndinamva kulira kwa galu wanga.

"Banga loyera, mayi," anatero m'Chichewa.

Nditafika ndinapeza ali mlonda yemwe ndimamudutsa popita ku ntchito, amene zaka zonsezi amandipatsa moni wa Chizulu wa sawubona. Dzina lake Nickson, wa ku Ntcheu. Anzake amamuyang'ana, iye mutu pansi, m'manja atagwira pepala langa.

Adzatopa anali nthiti zokhazokha. Anandilumphira, n'kundidetsa diresi.

"Zikomo, achimwene!" ndinakuwa, msewu wonse umve.

"Pang'onopang'ono, mayi."

"Mwayamba ndinu. Tandigwirirani chingwechi."