Nyumba ya Kuseri kwa a Felton

Talandira anabwera pa Dowa Boma chaka chotsatira chisankho cha matipate, ukwati wake utatha kwa Msakambewa. Anabwera ndi makina osokera opalasa ndi phazi, chikwama cha zovala ndi mphasa. Masana ankasoka pakhonde la golosale ina pafupi ndi msika. Madzulo ankabwerera kukanyumba ka chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya a Felton.

A Felton anali kalaliki mu ofesi ina ya boma, ndipo nyumba imene ankakhalamo inali yaboma. Kanyumba ka kuseriko kanamangidwira wantchito wa pakhomo, koma iwo analibe wantchito, choncho ankachititsa lendi mwakachetechete. Panalibe pepala lililonse. Mwezi ukatha Talandira ankapereka ndalama kwa mayi a pakhomopo, a Manesi, kukhitchini. Babu limodzi la m'kanyumbamo linkayaka ndi waya wochokera m'nyumba yaikulu, madzi ankatunga pa mpopi wa panja.

Zinayenda choncho zaka zingapo mpaka a Elifala, amene anatsegula sukulu ya sekondale ya pulayiveti cha ku Mponela, anamupatsa ntchito yosoka yunifolomu ya atsikana. Atapereka masiketi oyamba, a Elifala anamulipira ndi cheke chokhala ndi mizere iwiri pakona.

"Chimenechi sangakupatseni ndalama pamanja," anatero a Elifala. "Chimalowa mu akaunti ya dzina lanu. Komiti ya sukulu inakana zoyenda ndi ndalama m'matumba."

Talandira analibe akaunti. Lolemba lotsatira anakwera minibasi ya ku Lilongwe, atatenga chekecho, chiphaso chake chovotera ndi zithunzi ziwiri zazing'ono. Kubanki anaima pamzere mpaka dzuwa kufika pamutu. Mayi wa pa desiki yotsegulira ma akaunti anayang'ana chiphasocho, nayang'ana nkhope yake, n'kuyamba kulemba fomu. Atafika pa funso la kumene amakhala anaima.

"Mwabweretsa bilu ya magetsi kapena ya madzi?"

"Ndilibe. Ndimachita lendi."

"Palibe vuto. Mubweretse bilu ya eni nyumba, ndi kalata yawo yonena kuti inu mumakhala pamenepo. Alembe dzina lanu lonse monga lilili pa chiphasochi, nambala ya nyumba, tsiku, n'kusaina. Dzina la pa kalata ligwirizane ndi la pa biluyo."

"Nanga akakana?"

"Kalata ya kuntchito. Koma inu mumadzilemba nokha ntchito, eti? Ndiye ya amfumu a kumene mukukhala, kapena ya abusa, yokhala ndi chidindo. Ndipo kuseri kwa fomuyi mujambule mapu osonyeza njira yofikira pakhomo panu."

Anamubwezera chekecho n'kumuuza kuti asachisunge nthawi yaitali, chikapitirira miyezi isanu ndi umodzi chimatha ntchito.

Madzulo ake Talandira anapeza a Felton akuthirira masamba kuseri kwa nyumba. Ananjuta, nafotokoza zonse. A Felton anamvetsera osasiya kuthirira.

"Bilu ndikhoza kukubwerekani," anatero. "Koma kalata yonena kuti mumachita lendi pano, ayi. Nyumba ino si yanga. Sindiloledwa kuchititsa lendi ngakhale khola la nkhuku. Kalata yotero ndi yodzitulutsa nayo ndekha m'nyumba, mwina ndi ntchito yomwe."

"Ingokhala kubanki, bambo. Akuofesi kwanu aiona bwanji?"

"Pepala lilibe miyendo koma limayenda."

A Manesi, amene ankatola zovala pachingwe, analowererapo. Anati nkhaniyo inali yosavuta. Bambo alembe kuti Talandira ndi wantchito wa pakhomo, chifukwa wantchito amaloledwa kukhala m'kanyumbako. A Felton anaganiza pang'ono n'kuvomera kuti imeneyo akhoza kulemba.

Talandira anathokoza, nati ayamba waganiza. Anaganizadi. Pa fomu paja mayi wa kubanki anali atalembapo kale kuti iye ndi telala wodziimira payekha, ndipo chekecho chinali cha sukulu. Kalata yomutcha wantchito wa m'nyumba ikanatsutsana ndi zonsezi. Komanso sanafune kutchedwa choncho pa pepala limene lidzakhale m'faelo yake zaka zonse. M'mawa anauza a Manesi kuti ayesa kwina.

Anayamba ndi amfumu a mudzi woyandikana ndi nyumba zabomazo. Amfumuwo anamulandira bwino pansi pa mtengo wa mango, namufunsa za kwawo ndi za makolo ake. Kenaka anati nyumba za mulaini ya boma si za m'mudzi mwawo, sagawa malo kumeneko, saitanako anthu ku chitukuko, ndiye sangadinde chidindo pa munthu amene sali m'kaundula wawo.

"Pitani kwa mfumu ya kwanu ku Bowe," anatero. "Ikulemberani lero lomwe."

Zinali zoona kuti mfumu ya kwawo ikanalemba. Koma ikanalemba kuti amakhala ku Bowe, kumene anachokako ali mtsikana, ndipo mapu ake akanaloza kunyumba ya malemu amayi ake imene inagwa kale.

Kunatsala kutchalitchi. Talandira ankapemphera Sabata lililonse, ankaimba ndi amayi a Chigwirizano, ndipo anawasokerapo mabulauzi. Koma atakumana ndi mlembi wa mpingo, a Abrahamu, anapeza kuti dzina lake mulibe m'buku.

"Dzina lanu likadali ku mpingo wa kwa amuna anu aja," anatero a Abrahamu. "Simunabweretse kalata yosamukira. Ife timakuonani, inde, koma abusa sangasaine kuti ndinu mkhristu wa pano mpaka kalatayo ibwere."

Kwa Msakambewa anali asanapondeko chichokereni. Anapita Lachisanu pa njinga ya hayala, nakatsikira patchalitchi penipeni kuti asadutse m'mudzi. Sizinathandize. Akudikira mlembi wa kumeneko pakhonde, kunatulukira alamu ake, a Ester, atasenza mtolo wa nkhuni. Anatula mtolowo n'kupereka moni wonse, mwaulemu, ngati kwa mlendo wochokera kutali.

"Mwabwerera dzina?" anafunsa a Ester.

"Eya."

"Ndimati mwina mukulisiya dala kuno."

"Ayi. Ndinalibe nalo ntchito msanga."

A Ester anamuuza kuti achimwene awo anakwatiranso, kuti fodya chaka chimenecho anapsa ndi dzuwa, kuti mbuzi ija Talandira anasiya inaswa kawiri. Kenaka anasenza nkhuni zawo n'kumapita. Mlembi atabwera analemba kalatayo mosavuta, popeza Talandira analibe mlandu uliwonse mu mpingo.

Pa Dowa Boma dzina linalowa m'buku. Koma abusa anali munthu wosasaina chinthu chimene sanachitsimikize. Anatuma mkulu wa mpingo wa dera limenelo, a Mose, kuti akaone pakhomo. A Mose anabwera Loweruka masana atavala jekete, Baibulo lili kukhwapa, nagogoda kukhomo lalikulu m'malo mozungulira kuseri. A Felton anatsegula okha. Anthu a nyumba yoyandikana anali panja, ndipo anamva a Mose akufunsa mokweza ngati pano ndi pamene pamakhala mayi Talandira, atelala aja.

A Mose analowa m'kachipinda ka Talandira, nakhala pa mpando umodzi umene unalimo, napemphera. Anafunsa nambala ya nyumba yaikuluyo n'kuilemba. Potuluka anayamika a Felton chifukwa chosunga bwino mkhristu wawo. A Felton anayankha mwaulemu, koma nkhope inali itagwa.

Kalata ya abusa inatuluka Lachiwiri, yotayipa pa pepala la mpingo, chidindo chili pansi. Inanena kuti Talandira ndi membala wa mpingowo, kuti ndi telala, ndi kuti amakhala m'nyumba ya kuseri kwa nyumba ya nambala yakuti pa Dowa Boma, monga anaonera mkulu wa mpingo. Za lendi sinatchule, ndipo dzina la a Felton munalibe. Talandira anajambula mapu ake ndi pensulo: msika, msewu wotsetsereka wa kuchipatala, thanki ya madzi, laini ya nyumba, ndi kamtanda kuseri kwa nyumba yachitatu.

Kubanki anapeza mayi yemwe uja. Mayiyo anawerenga kalatayo, nayerekeza dzina ndi la pa chiphaso, nayang'ana chidindo, n'kulowa nayo kwa bwana wake. Atabwerako anamusainitsa m'malo angapo, nalandira chekecho, namupatsa kabuku ka akaunti. Anamuuza kuti ndalamayo idikira masiku angapo kuti chekecho chitsimikizike, ndiponso kuti akadzasamuka adzawadziwitse.

Atafika kunyumba anapeza a Manesi akumudikira pa mpopi. Anayamba ndi kufunsa za ulendo, nakondwera kuti zatheka. Kenaka anatsitsa mawu.

"Abambo akuti musakwiye. Munthu wina ku ofesi wawafunsa za atelala okhala kwawo. Mwina amangocheza, koma abambo sakugona nazo. Akuti mwezi uno ukatha mupeze pena."

"Kalata ija sinawatchule."

"Akudziwa. Koma akuti nambala ya nyumba ilipo."

Talandira sanatsutse. A Manesi anawonjezera kuti mwezi wotsirizawo asapereke kanthu, ndipo anamupatsa mapeyala m'mbale.

Anapeza chipinda china kumtunda kwa msika, kwa mayi wina wogulitsa nyemba dzina lake Felista. Nyumbayo inali ya njerwa zosawotcha, yamalata, yopanda magetsi, madzi ankatunga pa mjigo. Koma malowo anali a Felista mwini, anapatsidwa ndi amfumu, ndipo amfumuwo ankadziwa aliyense wolowa ndi wotuluka m'mudzimo. Sabata yoyamba yomwe Felista anapita naye kukamuonetsa kwa amfumu kuti amulembe m'kaundula.

Tsiku losamuka kunali mphepo ya Juni. A Felton anathandiza kukweza katundu pa ngolo, nakulunga okha waya wa babu uja. Anafunsa ngati a Elifala apereka ntchito ina, Talandira nayankha kuti apereka ya malaya a anyamata a teremu yamawa. A Felton anati izo zinali zabwino. Ngolo itanyamuka anabwerera kukatseka kachipindako ndi loko, ndipo sanaikemonso munthu mpaka pamene anawasamutsira ku Ntchisi chaka chotsatira.