Mpatuliro wa Aphunzitsi

Abwana athu atamva koyamba za JSON anafunsa kuti Jesoni ameneyu ali dipatimenti iti, nanga bwanji sabwera kumisonkhano. Palibe anaseka, tonse tili ndi ana. Abwana omwewa ndi amene analengeza Lolemba kuti magalimoto achepa, choncho dalaivala mmodzi achotsedwa ntchito Lachisanu, ndipo wosankha sakhala munthu ayi, koma kompyuta, poti kompyuta ilibe mbale.

Kampani yathu imaperekera anthu katundu m'makomo ndi m'masitolo. Dalaivala akatula katundu amadina pafoni, amalemba kandemanga, ndiye makina amasunga mzere umodzi wa JSON, kalembedwe kena ka makompyuta, paulendo uliwonse. Ine ndine kalaliki, mizere imeneyi ndayang'ana zaka zisanu ndi chimodzi mpaka maso anayamba kufuna magalasi. Koma ntchito yaulemu ngati iyi sakanapatsa kalaliki. Abwana anapatsa wachiwiri wawo, amene timamutcha Adigiri, chifukwa satha mphindi zitatu asanatchule za sukulu yake.

Lachitatu Adigiri anamata pepala pakhoma la m'khonde, pafupi ndi ketulo. Pamwamba penipeni panali dalaivala nambala 7, wochedwa mphindi 31 paulendo. Nambala 7 ndi Aphunzitsi, bambo a imvi amene anaphunzitsa pulayimale zaka zambiri asanagwire chiwongolero. Munthu wofika pantchito mlonda asanatsegule geti! Wachiwiri pamndandanda, ndi mphindi 19, anali alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu. Za iwowo sindinadabwe. Alamu anga akati ali pafupi, dziwani kuti akufunafuna nsapato.

Aphunzitsi anandipeza pa desiki, chipewa chili m'manja.

"Mwanangu, ine makompyuta sindiwadziwa," anatero. "Koma mphindi makumi atatu ndi imodzi? Ndingachedwe chonchi osadziwa ndekha?"

Ndinawauza kuti ndiona. Kunena zoona, mumtima ndinkapemphera kuti ndisaone kanthu.

Ndinapempha Adigiri fayilo yawo. Anandipatsa monyadira, n'kukhala pakona ya desiki yanga kuti andiphunzitse. Anati anakopera mizere yonse n'kuimata m'tebulo la pakompyuta, zonse zinaunjikana mu kolamu imodzi. Kenako anauza kompyuta kuti idule paliponse pamene pali koma, kachizindikiro kokhala ngati kamchira kaja. Zidutswa zinagwera m'makolamu anayi. Mayina a zinthu, mabulaketi ndi mitengero anafufuta kuti manambala atsale oyera, mitu n'kulemba okha pamwamba.

"Mphindi khumi basi," anatero. "Ena mukanatha sabata."

"Zikomo bwana. Nanga panalibe zotsalira kumanja?"

"Tinyenyeswa tina mu kolamu yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi, topanda mutu. Zinyalala. Ndinafufuta."

Eya. Zinyalala.

Atachoka ndinatsegula mizere yoyambirira, yosadulidwa. Wa alamu anga unali wotere:

{"dalaivala":12,"ndemanga":"ok","mtunda":9,"kuchedwa":25}

Madalaivala onse amalemba choncho: "ok", "tafika", ena kadontho kokha. Ndiye ndinapeza wa Aphunzitsi:

{"dalaivala":7,"ndemanga":"Ndafika bwino, katundu walandiridwa","mtunda":46,"kuchedwa":0}

Mayo ine! Munthu yekhayo pakampani pano wodziwa kulemba chiganizo. Kompyuta itauzidwa kuti idule pa koma aliyense, inadulanso pa koma wa m'kati mwa ndemanga, poti Adigiri sanaiuze kuti za m'mitengero ndi chinthu chimodzi. Ndemanga inaduka pawiri, zonse zotsatira zinasunthira kumanja. Theka la ndemanga linakhala pa mtunda, makilomita 46 anakhala pa kuchedwa, ndipo ziro weniweni uja anagwera mu kolamu yachisanu, ya zinyalala ija. Pamene analemba makoma awiri, pa kuchedwa panagwera mawu, kompyuta n'kungowadumpha powerengera. Aphunzitsi amapatsidwa maulendo aatali chifukwa ndi odalirika, ndiye kudalirika kwawoko n'kumene kunasanduka mphindi.

Ndinalowetsanso fayilo monga JSON, njira imene imawerenga chinthu potsata dzina lake, osati malo amene chagwera. Makolamu anayi anatuluka bwinobwino. Aphunzitsi: mphindi ziwiri. Ena onse sanasinthe ngakhale pang'ono, popeza "ok" alibe koma. Alamu anga anakwera okha pamwamba ndi 19 yawo, osakankhidwa ndi munthu.

Achemwali anga ndi amene anandilera mayi atamwalira, ali ndi ana anayi, wotsiriza sanayambe n'kuyenda komwe. Chibale ndi fupa, sichiola. Ndipo ndani akanadziwa? Adigiri sakanabwerera m'mbuyo kukafufuza nzeru zawo zomwe. Abwana akudikirabe Jesoni kumsonkhano. Ndikanangotseka fayilo, n'kuuza Aphunzitsi kuti pepani bambo, kompyuta sinama.

Lachinayi m'mawa ndinawaona Aphunzitsi pawindo akupukuta galimoto yawo, galimoto yoti mawa aisiya. Anapukuta mpaka nambala yakumbuyo. Zinandinyansa, osati iwo, koma ine.

Ndinasindikiza mizere iwiri ija ndi tebulo latsopano, n'kukagogoda kwa abwana. Adigiri anali momwemo, akumwa tiyi.

"Vuto ndi koma, bwana," ndinatero.

"Koma chiyani?"

"Koma basi."

"Mayi, malizani chiganizo. Koma chiyani?"

Ndinachita kuloza ndi cholembera. Ndinawaonetsa 46 pa mtunda, 46 yemweyo pa kuchedwa m'tebulo la Adigiri, ulendo wina 38 ndi 38, wina 52 ndi 52. Ngakhale abwana anaona kuti munthu sangachedwe mofanana ndi makilomita ake tsiku ndi tsiku. Adigiri anakhosomola, n'kunena kuti kwenikweni njira yawo inali yolondola, kungoti dalaivala analowetsa zinthu zosayembekezereka.

Anaitana Aphunzitsi. Ine ndinkayesa awapepesa, kupusa kwanga.

"Bambo, n'chifukwa chiyani mumaika makoma m'makina a kampani?" anafunsa abwana.

"Umatchedwa mpatuliro, bwana," anayankha mofatsa. "Umaikidwa pamene wowerenga ayenera kupuma pang'ono."

"Kuno sitipuma. Kuyambira lero muzilemba ngati anzanu."

Nkhani inathera pomwepo. Aphunzitsi anatsala pantchito ndi chenjezo la pakamwa, Adigiri anayamikiridwa chifukwa chotsogolera kafukufuku amene anatulukira vutolo, ndipo ine anandituma kukamata pepala latsopano pafupi ndi ketulo. Abwana anafunsa ngati nambala 12 ndikumudziwa. Ndinati ndimamuona.

Lachisanu masana alamu anga anatuluka mu ofesi ya abwana ndi envelopu. Anaima pa desiki yanga, akumwetulira ngati mmene amachitira akafika mochedwa pamaliro.

"Alamu, akuti kompyuta yasintha maganizo," anatero. "Inu mumazidziwa izi. Simungaione pang'ono? Mwina yalakwitsanso."

"Sinalakwitse, alamu."

"Mwatsimikiza bwanji?"

"Ndinakonza ndine."

Anapinda envelopu ija pawiri, n'kuiika m'thumba la malaya. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangofunsa ngati ndibwerebe Lamlungu kudzaona ana, poti wamkulu uja wakhala akundifunsa.

Asanafike n'kugeti komwe, foni yanga inayamba kulira pa desiki. Anali achemwali. Ndinaisiya ilire kawiri, kachitatu ndinayankha.

"Iwe," anatero, mawu ali pansipansi, "bambo a ana akuti achotsedwa. Akuti pali wina kuofesi kwanuko wawapangira chiwembu. Undifufuzire ameneyo, wamva? Ndikufuna ndimudziwe dzina."