Kuthokoza Kumene Analandira Amalume

Apongozi ake a mchemwali wanga anabwera kudzacheza kuchokera kudziko lakutali, ndipo asanamasule n'komwe masutikesi onse anaterereka m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Mwana wawo, mlamu wangayo, anali atapita ndi ntchito. Choncho kuwasambitsa, kuwatembenuza pabedi, kuwawenga zikhadabo, zonse zinagwera mchemwali wanga, amene m'chinenero cha mayiwo ankangodziwa moni basi.

Ine ndimamasulira m'misonkhano ndipo chinenerocho ndimachidziwa, ndiye ndinasanduka foni ya pabanja. Ndikafika, mchemwali wanga ankandikokera kukhitchini n'kundifunsa ngati mayiwo ananenapo kanthu za iye. Koma ananena chiyani? Kuti pilo watalika, tiyi wazizira, windo litsekedwe. Mchemwali wanga ankaseka, koma zinkamupweteka. Ankafuna kudziwa ngati apongoziwo amamuwerengera ngati mwana kapena ngati nesi wosalipidwa.

Tsiku loti mayiwo abwerere kwawo, pabalaza panadzaza. Panali azakhali awiri, aneba, ndi amalume athu atavala jekete. Amalumewa anawanyamulapo mayiwo kamodzi pa galimoto kupita kuchipatala, ndipo ulendo umenewo unkatalika nthawi iliyonse akaufotokoza. Mchemwali wanga anaima pafupi ndi chitseko, chikwama cha mankhwala chili m'manja.

Mayiwo anakhala pa njinga yawo ya olumala. Maso awo ali ndi ng'ala, moti akamalankhula amangoyang'ana pakatikati, chakukabati. Anakonza kukhosi n'kunena timawu tochepa, ndipo ine, mwachizolowezi cha ntchito, ndinawaponyera anthu pompo: "Akuti ndinu okoma mtima kwambiri."

Sindinaname. Kungoti kwathu kuno "ndinu" ndi chitseko chachikulu: amalowerapo munthu mmodzi wolemekezeka, amalowerapo gulu, abambo ndi amayi omwe. Pamene m'chinenero cha mayiwo, liwu lakuti wokoma mtima limasintha kumapeto kwake. La mwamuna lina, la mkazi lina, ndipo akachuluka limaphukanso kamchira. Iwo ananena la mkazi mmodzi, ndiponso ndi "iwe" amene amauza mwana wawo. Zonsezo ndinazimva bwinobwino, koma pakamwa panga panakana kuti mpongozi anene mkazi wa mwana wake kuti iwe pamaso pa anthu. Ndinasankha ulemu, ndipo ulemuwo unameza mwini wake wa mawu.

Amalume sanachedwe. Anaimirira, anamanga batani la jekete, n'kuyamba kulandira kuthokozako m'malo mwa banja lonse. Anati iwo sachita zabwino kuti atamandidwe. Anakumbutsa za mvula ya tsiku lija, za mabampu, za mafuta. Azakhali ankavomereza ndi mitu ngati nawonso anakankhako galimotoyo. Nditayang'ana pachitseko ndinaona chikwama cha mankhwala chili pampando, mwini wake atalowa kukhitchini.

Mayiwo anandikoka malaya. Anafunsa kuti bamboyu akuyankha chiyani, popeza sanalankhule naye. Kenako, nkhope ili gwa, anafunsa ngati kuno amuna amavomera akatchulidwa ndi liwu la akazi.

Ndikanatha kuzimeza, koma ntchito yanga ndi kumasulira zonse. Ndinadikira amalume apume mpweya, n'kuwauza mwaulemu kuti mawu aja kwawoko amauza mkazi, mmodzi yekha, ndiye ngati akuwalandira awalandire podziwa zimenezo. Azakhali aakulu anaseka mpaka kutsokomola. Amalume anamasula batani lija n'kukhala pansi, uku akunena kuti iwo anazindikira kale, amangofuna aone ngati sukulu yanga inagwira ntchito.

Ndinakankha njinga ija mpaka pakhomo la khitchini. Mchemwali wanga anali atatipatsa msana, akutsuka kapu yoyera kale. Mayiwo anatambasula dzanja, kufufuza m'malere mpaka anagwira mkono wake wonyowawo, n'kubwereza timawu tija pang'onopang'ono.

Ulendo uno ndinalongeza zonse zimene liwu lawo linanyamula, ngakhale kuti kwathu zinafuna mawu ochuluka. "Akuti ndiwe wokoma mtima kwambiri. Iweyo wekha, mtsikana iwe."

Mchemwali wanga anatseka mpopi. Anandiyang'ana ndi diso lija ankandiyang'ana nalo tili ana ndikanama.

"Akuti iwe? Kapena wawonjezera ndiwe?"

"Iwe weniweni. Yemwe amauza mwamuna wako."

Chimwalirireni amayi athu, munthu wamkulu aliyense amamutchula mchemwali wanga kuti inu: kuntchito inu, kutchalitchi inu, amalume omwe inu. Anagwada pasimenti ponyowapo kuti alingane ndi njinga ija, n'kuyamba kuwakonza mayiwo kolala imene inali yokonzeka kale.

"Uwauze anenenso," anatero. "Koma usamasulire."