Funso la Maite

Lachinayi lapitalo, ophunzira makumi awiri anangogwedezera mitu ola lonse ngati abuluzi. Maite Olivera anatuluka m'kalasimo manyazi atamugwira. Anali mphunzitsi wothandizira pa yunivesite mumzinda wa Montevideo, ndipo Lachinayi likudzali Mayi Beltrán, mkulu wa phunziro limene ankaphunzitsa, ankabwera kudzaona ngati gululo angamusiyire chaka chamawa.

Lamulungu anatenga mafunso amene ankakonzera ophunzira ake kupita nawo kwawo, kumene bambo ake a Aníbal ndi amalume ake a Wáshington ankaotcha nyama. Alamu awiriwa anali atakangana za ndale zaka makumi atatu osatopa.

"Ophunzira awerenga nkhani ya lamulo loti aliyense azivota," anatero Maite. "Tamverani funso langa: Kodi simukuona kuti kukakamiza anthu kuvota ndi kupondereza ufulu?"

"Eyaa!" anakuwa amalume, foloko ili m'mwamba. "Mwana uyu anatengera kwa mayi ake!"

"Limenelo ndi funso kapena msampha?" anatero bambo ake. "Wayankha kale wekha. Ine ndingotsala ndi kugwedeza mutu."

Mawu amenewo anamulasa Maite. Anakumbukira mitu makumi awiri ija. Anafufuta "simukuona" ndi "kupondereza", n'kuwerenganso: "N'chifukwa chiyani udindo wopatulika wovota uyenera kutetezedwa ndi lamulo?"

Bambo ake anamwetulira mpaka mano onse panja.

"Aa, ayi!" anatero amalume. "Wopatulika, anaupatula ndani? Ndipo wanena ndani kuti uyenera kutetezedwa? Alamu akudyetsa chibanzi, eti?"

Maite anaseka mpaka misozi. Anazindikira kuti akaona mmodzi akusangalala asanayankhe n'komwe, ndiye kuti funsolo lapendekera kwa iyeyo. Analemba kachitatu: "Mlembi akupereka zifukwa ziti zovomerezera lamuloli, ndi ziti zolitsutsa? Ndi chifukwa chiti chimene chili ndi umboni wokwanira m'nkhaniyi?"

Azibambo awiri aja anayang'anana.

"Tabweretsa nkhaniyo ndione," anatero amalume.

"Ndiyambe ine, alamu, inu magalasi mwaiwala."

Nyama inapserera tsiku limenelo, ndipo palibe anadandaula.

Lachinayi litafika, Maite analemba funsolo pabolodi. Mtsikana wina anatchula tsamba lachisanu la nkhani ija ngati umboni. Mnyamata wakumbuyo anati chiwerengero cha patsambalo chikungosonyeza kuti ovota achuluka, osati kuti akumvetsa zimene akuvotera. Mkangano unabuka wokoma, aliyense chala chili pandime yake. Mayi Beltrán anaika cholembera pansi n'kukweza dzanja ngati wophunzira.

Nthawi itatha, mtsikana uja anaima pakhomo.

"Aphunzitsi, takhala tikuyesa kulosera, koma talephera. Inuyo muli mbali iti?"

Maite asanatsegule pakamwa, Mayi Beltrán anayankha akuvala jekete.

"Musavutike naye. Muli ndi chaka chamawa chonse choti mumufufuze."