Zilembo Zitatu pa Chikwama cha Kadona

Mkazi wa makaniko ankagulitsa matikiti a ndege. Ofesi yake inali pamwamba pa sitolo ya nsapato, kachipinda ka matebulo awiri ndi mapu a dziko lonse amene dzuwa linawawaula mpaka nyanja kuoneka ngati phulusa. Tebulo linalo linali la mnzake amene onse ankangomuti Wailesi, chifukwa pakamwa pake sipankazima.

M'mawa wa tsiku lina kunabwera mphunzitsi wina wopuma, atakwiya, tikiti ili m'manja.

"Mayi, ine ndinati Toronto. Izi za YYZ ndi za kuti? Mukufuna ndikatsikire kwa asing'anga?"

"Khalani pansi, bambo," anatero mkazi wa makaniko. "YYZ ndi Toronto yemweyo. Zilembozi ndi za bwalo la ndege, ndipo sizikakamizidwa kufanana ndi dzina la mzinda. Chicago ndi ORD, dzina lakale la malo amene anamangapo bwalo. Mumbai akadali BOM, chifukwa kale ankati Bombay. Musamalote ndi zilembo. Mukakayika, lembani zilembozo pa foni, muwonjezere IATA, dzina la bungwe limene limazipereka. Likutulukirani bwalo, mzinda ndi dziko. Mukalemba zilembo zokha mupeza za ziii."

Mphunzitsi anayesa, nkhope inamasuka, anatsika masitepe akuseka yekha. Ntchito yake mayiyu ankaidziwa, ndipo sankaumira nayo munthu.

Masana kunabwera Kadona.

Kadona anali mwana wa mwamuna wake. Makaniko anabwera naye kunyumba mtsikanayo ali kale ndi mawere, namuimika pabalaza ndi kachikwama kake, nati, "Awa ndi magazi anga. Mayi ake atisiya." Basi. Mkaziyo anawerengera zaka mumtima napeza kuti mwanayo anabadwa ukwati wawo uli wauwisi, nthawi imene iye ankazungulira m'zipatala kufuna mimba imene sinabwere. Chipinda chimene anachipaka utoto wachikasu kudikira khanda lake anapatsidwa Kadona. Sanamumenyepo, sanamumanepo chakudya. Ankamuchapira ndi yunifolomu. Anthu a mumsewu mwawo ankati, mayi uja ndi mngelo.

"Amayi, ndakusokonezani?"

"Lowa. Wadya?"

Kadona anakhala m'mphepete mwa mpando natulutsa pepala. Ntchito anali ataipeza kudzera kwa bambo wina wa masuti onyezimira amene ankatumiza atsikana kunja: kukakonza zipinda mu hotela ku Dubai. Pasipoti ndi viza anasunga bamboyo, ati zingatayike. Kadona anangopatsidwa pepala limene bamboyo anatayipa yekha, lopanda dzina la mzinda ngakhale limodzi. Mizere iwiri: woyamba wothera pa DXB, wachiwiri wochoka pa DXB kupita ISU.

"DXB ndikuidziwa, ndi Dubai. Koma iyi yachiwiriyi. Abwana aja akuti ndi kabwalo kena ka ku Dubai komweko, kotsikira antchito. Ndalemba ISU pa foni, zikungotuluka za yunivesite ya ku Amereka ndi anthu otsetsereka pa madzi oundana." Anaseka, kuseka kopendeketsa mutu kumene sikunali kwa bambo ake. "Ndiye ndinati, ndivutikirenji amayi anga alipo?"

Mkazi wa makaniko anatembenuza kompyuta pang'ono, ngati dzuwa likumuthobwa. Analemba zilembo zitatuzo. Yankho linabwera mzere umodzi: Sulaymaniyah, ndipo kumapeto zilembo ziwiri za dziko, IQ. Iraq.

Anayang'ananso pepala. Pakati pa kunyamuka ndi kutera panali maola. Palibe mzinda umene munthu amauluka maola kuchoka mbali ino kupita mbali ina. Ndipo ankadziwa kuti munthu amene wakubisira dziko, ntchito wakubisiranso. Anawaonapo atsikana otere akubwerera, owonda, opanda chikwama, osafuna kuyankhula. Enanso makolo awo ankakwera masitepe omwewa ndi mapepala ngati ili, kufunsa kuti mwana wathu ali kuti.

"Zatuluka, amayi?"

"Zatuluka."

Wailesi anali atapita kukagula zoziziritsa kukhosi. M'chipindamo munkangomveka fani.

"Mizinda ikuluikulu imakhala ndi mabwalo angapo," anatero mayiyo. "Dubai yemweyo ali ndi DXB, alinso ndi DWC. Ndipo zilembo sizifanana ndi dzina. Toronto ndi YYZ. Mu Toronto muli Y?"

"Mulibe."

"Nanga ukudandaula chiyani?"

Palibe bodza limene ananena. Anazindikira zimenezo, ndipo zinamukomera ngati munthu amene wadula nsalu osaphonya mzere.

Kadona anapuma mozama. "Ndinatsala pang'ono kukana, amayi. Mtima unkangoti phaphapha. Ndinati amayi akati ayi, sindipita."

"Pita, mwana wanga. Mwayi sugogoda kawiri pakhomo pa mwana wamasiye."

Wailesi analowa mtsikanayo akupinda pepala lake. "Eee, a ku Dubai! Ukatigulire mafuta onunkhira, iwe, tisamangonunkha inki muno. Taonetsa tikiti tione ndege yake."

"Ndaona kale," anatero mkazi wa makaniko. "Musiye apite, akagule nsapato pansipa."

Anafufuta mzere uja pa kompyuta.

Masiku otsatirawo anakhala mayi weniweni. Anamugulira chikwama chachikulu cha matayala. Anamusokera kathumba m'kati mwa siketi. Makaniko ankabwera kuchokera ku galaja manja ali bii, n'kuima pakhomo pa chipinda chachikasu kuwaonerera akupinda zovala.

"Mayi, Mulungu akudalitseni," anatero tsiku lina. "Ena akanamutaya mwanayu."

"Ndi wathu," anayankha, akukanikiza chikwama ndi bondo kuti zipi itseke.

Ku bwalo la ndege anafika dzuwa lili pamutu. Atsikana analipo angapo, onse atamanga tsitsi latsopano, ndipo bambo wa masuti ankayenda patsogolo pawo ndi mapasipoti m'dzanja limodzi ngati makadi a juga. Pa kauntala ankapereka yekha mapepala, mtsikana aliyense n'kungoonetsa nkhope. Itafika nthawi ya Kadona, kalaliki wa pa kauntala, wotopa, osadzutsa mutu, anati, "Chikwama mukachitengere ku Sulaymaniyah," namata kapepala kaatali pa chogwirira. Pamwamba, m'zilembo zazikulu, panali ISU. Pansi pake DXB. Mkazi wa makaniko ankadziwa kawerengedwe kake: za pamwamba ndi kumene katundu akathere, za pansi ndi pongodutsa.

Kadona anabwerera kumene anaima makolo ake, nkhope itasintha.

"Amayi, akuti Sula... Sulaymaniyah. Sanati Dubai."

Bambo wa masuti anamva, nayandikira akumwetulira, koma maso ali pa mayiyo. Ankadziwa ntchito imene mayiyo ankagwira. Anadikira.

"Mabwalo ambiri amawatcha maina a anthu," anatero mayiyo. "Sunamvepo munthu dzina lake Sulaimana?"

"Ndamvapo."

"Iwe, amayi ako agwira ntchito imeneyi usanabadwe," anatero makaniko. "Ukufuna uwaphunzitse? Tachita manyazi, Kadona."

Bambo wa masuti anaseka kwambiri, kuseka kwa munthu amene galimoto yamuphonya. "Mayi, mukanakhala pa ofesi yanga bwenzi nditalemera."

Kadona anagwada pa matailosi, pamaso pa anthu onse, nagwira dzanja la mayiyo ndi manja awiri. "Mundikhululukire, amayi. Ndi mantha chabe. Munandilandira ngati wanu."

"Dzuka, ukudetsa siketi."

Anadzuka, nalowa pa chipata cha okwera okhaokha. Makaniko anakweza dzanja mpaka mutu wa mwana wake unasowa kuseri kwa galasi, ndipo dzanjalo linakhalabe m'mwamba kanthawi.

Uthenga unabwera umodzi, wochokera ku Dubai: tafika, akuti tikwerenso ina. Kenako foni inangoti zii.

Sabata yoyamba makaniko ankati ndi netiweki. Yachiwiri anapita ku ofesi ya bambo wa masuti napeza mukugulitsidwa matayala akale. Anayamba kuiwala masipanala m'mainjini a anthu. Ankadya ataika foni pambali pa mbale, ikangowala n'kuitola ndi dzanja la msuzi. Mkazi wake anachotsa makatani m'chipinda chachikasu, nawachapa, nawabwezeretsa.

Tsiku lina m'mawa makaniko anakwera masitepe a ku ofesi ya mkazi wake, ovolosi ili pathupi. Anali asanalowemo chikwatirane. Wailesi anayamba nthabwala, naimeza ataona nkhope yake. Makaniko anaika foni patebulo. Panali chithunzi chimene anajambula ku bwalo la ndege: Kadona akumwetulira mwamantha, chikwama chili pa sikelo kumbuyo kwake, kapepala kakuoneka bwino.

"Mayi, tafufuzaninso zilembozi. Mnyamata wina ku galaja walemba pa foni yake, akuti si Dubai. Ndamuuza kuti ndi wabodza, mkazi wanga anaona yekha. Tandionetsani pa kompyuta yanuyo ndikamutseke pakamwa."

Mkaziyo sanakhudze kompyuta.

"Ndi Iraq," anatero.

Makaniko anagwira m'mphepete mwa tebulo. "Mwadziwa bwanji osayang'ana?"

"Ndinayang'ana tsiku lomwe anabwera ndi pepala."

Wailesi anaimirira, natenga chikwama chake, natuluka osatseka chitseko. Pansi, mu sitolo ya nsapato, wina ankanenerera mtengo.

"Munadziwa," anatero makaniko. "Anakufunsani. Pamaso panga anakufunsani. Anagwada."

"Anagwada."

"Bwanji osandiuza ine?"

"Inu munandiuza? Zaka zonse zija ndikumwa mankhwala owawa, ndikugona pa mabenchi a chipatala, inu muli ndi mwana tsidya lina la tauni. Munandiuza?"

"Ameneyo ndi ine! Mukanalanga ine! Mwana analakwanji?"

"Ndalanga inu," anatero.

Makaniko anatembenuka. Anayang'ana mapu a pakhoma, maso akuyendayenda, ndipo mkaziyo anaona kuti sakudziwa n'komwe mbali yoti ayang'ane. Mkaziyo anatenga kapepala, nalemba dzina la mzinda m'zilembo zazikulu zooneka bwino, pansi pake dzina la dziko, monga ankachitira ndi kasitomala aliyense. Anakakankhira kwa iye.

"Mukapite nako ku polisi ndi ku unduna woona za kunja. Mukanene dziko, osati zilembo. Mwina akamupeza."

Pakhomo panaima mayi wina ndi mwana kumsana, akufunsa ngati muno ndi mogulitsa matikiti.

"Ndi muno, lowani," anatero mkazi wa makaniko. "Bambowa amaliza."