Ng'oma ya Zipporah Ikutsimphina

Esau anandilonjeza nyimbo mu Juni, ndipo pofika Lachisanu lija anali asanaipereke. Ndi mwana wa mlongo wanga, munthu wa ndevu zake, ndipo masipika ake amakhala m'chipinda changa chakuseri kuno ku Chimwemwe. Ine sindinamupemphe zambiri. Ndinati kitcheni pate ya mwana wanga Zipporah ikafika, undipangire ng'oma ya kwathu pa kompyuta yakoyo, chifukwa amayi oimba ng'oma omwe tinkadalira anabwerera ku Katete.

Pate inali Loweruka, ku Chifubu, pamaso pa azimayi a kuchimuna, omwe ndi aBemba. Malaiti kwathu amapita ikakwana fotini awazi, ndipo kubwera kwake sikudziwika. Nditalowa m'chipindamo ndi Amake Leah, mlangizi wa Zipporah, nthawi inali itadutsa kale satini.

"Yapsa, ba Anti," anatero Esau, n'kudina.

Ng'oma yaikulu inagunda bwino, du, du, du, du. Yaing'ono inalowa pamwamba. Amake Leah anamanga chitenje m'chiuno, anayesa kamodzi, kawiri, n'kuima.

"Awe. Ikutsimphina iyi. Ine sindingalowetse mwana ndi ng'oma yopunduka, aBemba akatiseke chaka chonse. Bola tilowe chete."

Kulowa chete! Mwana wanga mmodzi yekhayo, ngati tikupita kumaliro.

"Palibe cholakwika," Esau anakana. "Munati yaikulu ikagunda kawiri, yaing'ono igunde katatu. Onani."

Anandionetsa timabokosi pagalasi la laputopu, mzere wa sikisitini. Anati tiwerenge theka lokha, eyiti. Yaikulu anaiika pa bokosi loyamba ndi lachisanu. Yaing'ono pa loyamba, lachinayi ndi lachisanu n'chiwiri.

Ine sukulu ndinalekera giredi folo, koma tomato ndagulitsa zaka zambiri. Ndinatulutsa nshawa m'thumba, ndinayala eyiti patebulo.

"Gawira anthu atatu."

"Anti, nthawi..."

"Gawa, iwe!"

Anaika zitatu, zitatu, ziwiri.

"Wachitatuyo wam'bera," ndinatero. "Kumsika akanakutukwana. N'chifukwa chake mwendo umodzi wafupika."

"Masiku ano ma biti onse amayenda choncho. Anthu amavina."

"Amavina ku bawa. Zipporah sakukwatiwa ku bawa."

Anakwiya, ndinaona khutu likugwedera. Anati makina sanama, mwina amayiwa chiuno chakalamba. Amake Leah anayamba kumasula chitenje. Ndinawagwira dzanja, ndinayang'ana foni: twente tu fotini.

Ndinachotsa nshawa ziwiri, zinatsala sikisi. Kenaka ndinamenya tebulo monga tinkachitira ku chinamwali, manja onse pamodzi, kupuma pang'ono, lamanja, lamanzere, lamanja, kupuma.

"Kwathu timati ikunena kuti ndaa-ku-o-naa. Pa nda manja akumana. Ku ndi lamanja, o ndi lamanzere, na ndi lamanja. Mvera, usandiyang'ane kukamwa."

Ndinamenya mpaka laputopu inayamba kudumpha. Esau anatseka maso, chala chake chikuyenda pa nshawa zija. Lamanja linkagwa pa yoyamba, yachitatu ndi yachisanu. Lamanzere pa yoyamba ndi yachinayi.

"Sikisi," ananong'ona. "Sikisi igawika pawiri, igawikanso patatu. Eyiti siingatheke."

"Ndiye ukudikira chiyani, wansembe?"

Anasintha mzere uja kuchoka pa sikisitini kufika pa thwelofu, masikisi awiri. Yaikulu anaiika kudumpha mabokosi awiri nthawi zonse, yaing'ono kudumpha limodzi. Atadina, ng'oma zinagwirana, koma chisekese ndi bezi zomwe anapanga kale zinatsalira pa mzere wakale, zikukangana ndi zinzake ngati akazi a mitala.

"Izi zifuna awa yathunthu kuti ndizikonze."

"Zichotse."

"Anti, bezi imeneyi ndaivutikira masiku atatu!"

"Ndinakupempha bezi ine?"

Anandiyang'ana moipa, koma anazichotsa. Zinatsala ng'oma ziwiri zokha, mbee. Yaikulu inkayenda monga kale, koma yaing'ono tsopano inkaponda mofanana, ikumana ndi inzake, zisiyana, zikumananso. Amake Leah anamanganso chitenje. Phazi linayamba lokha, kenaka chiuno chinatenga zitatu zija, mapazi ali pa ziwiri.

"Ikhale yaitali," anatero akupuma mwamphamvu. "Mwana amalowa chokwawa, sathamanga."

Esau anaibwereza mpaka inakwana mateni minitsi, n'kuyamba kuitumiza mu flashi. Kamzere kobiriwira kanayenda ngati kamwa mowa. Batire ya laputopu yake inafa kalekale, malaiti akapita zonse zimathima. Faifi tu fotini. Tonse maso pa kamzere. Kunja wina anali atayamba kale kukoleza mbaula.

Kamzere kanafika kumapeto. Anazula flashi, ndinailanda, ndinaimanga pa mfundo ya chitenje. Sindinamalize n'komwe kumanga, malaiti anapita, fani ya m'chipindamo inaima.

Esau anatsamira mpando, thukuta lili kamukamu.

"Ndiye ba Anti, mawa muuze anthu kuti biti ndi ya Esau. Mwina ena angafune."

"Ndidzanena kuti makina ndi ako," ndinamuyankha, ndikutola nshawa zanga. "Nyimbo wapereka, tathana. Koma udzabwere eyiti koloko, masipika sadzinyamula okha."